Kotesheni imatha, lonjezo limachedwa: bajeti ya chipinda cha ana ku Chinsapo

Pepala la bajeti ya chitukuko cha m'dera limakhala ndi mbali ziwiri, ndipo mbali zonse ziwirizo mumakhala ndalama zimene palibe wazigwirapo. Kumanzere timalemba mitengo imene eni mashopu atiuza, kumanja timalemba zimene anthu akufuna kwabwino alonjeza. Tikawonkhetsa, manambala a m'munsi n'kufanana, komiti imaomba m'manja ndipo wina amayamba kale kufunsa tsiku lokumba maziko. Vuto ndi loti mtengo wa m'shopu umakhala wa masiku owerengeka, ndipo ukasintha umakwera. Lonjezo likasintha limatsika, likapanda kutsika limachedwa. Bajeti imene yangofanana mbali zonse pa tsiku loilemba ndiye kuti yaperewera kale.

Ndine mlembi wa komiti ya sukulu ya mkombaphala ina ku Chinsapo, mu mzinda wa Lilongwe. Mu 2023 ana ankaphunzirira m'tchalitchi chobwereka, ndipo kukakhala maliro kapena msonkhano wa amayi, sukulu inkatsekedwa. Tinagwirizana zomanga chipinda chimodzi, mamita 8 m'litali, 6 m'lifupi, pa malo amene mpingo unapereka. Bungwe lina lothandiza ana linatiuza kuti tilembe pulopozo yokhala ndi bajeti ndi makotesheni atatu pa chinthu chilichonse chachikulu. Mapepala onsewo ndikadali nawo m'faelo, ndipo manambala amene ndikulemba apa ndawatenga mmenemo, ndangodula timakwacha ta kumapeto.

Munthu akamva zoti pakufunika makotesheni, miyendo imamuyabwa, amafuna kukwera minibasi kupita ku Malangalanga pompopompo. Ife tinayamba takhala pansi ndi mmisiri, chifukwa wa m'shopu sangakuuze matumba a simenti amene ukufuna, iye amangochulukitsa nambala imene wamupatsa. Ukamupatsa nambala yongoganizira, amakudindira chidindo pa nambala yongoganizirayo, ndipo imayamba kuoneka ngati yoona.

Mmisiri wathu, bambo wachikulire amene wamanga nyumba zambiri kwathuko, anabwera ndi tepi ndi kope la ana a sukulu. Tinasankha mabuloko a simenti, chifukwa bungwe lija linakana njerwa zootcha, monganso malamulo a boma a 2018 amazikanira pa zomangamanga za boma ndi za mabungwe. Buloko imakhala masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu, ndiye pa khoma la mita imodzi m'litali ndi imodzi msinkhu pamalowa mabuloko 12 ndi theka. Kuzungulira chipinda chathu ndi mamita 28. Atachotsa malo a chitseko ndi mawindo, n'kuwonjezera makoma osongoka a m'mbali mwa denga, anapeza mabuloko 975 a khoma. Mizere itatu ya m'maziko inawonjezera 210. Kenako anawonjezera ena pang'ono n'kulemba 1,250.

"Bambo, enawo ndi a chiyani?" anafunsa msungichuma wathu, mayi amene salola tambala kudutsa osaifunsa kumene ikupita.

"Amayi, galimoto ikadutsa msewu wathuwu, mabuloko ena amafika ali zidutswa. Ena ndimadula ndekha pa ngodya. Mukafuna ndilembe nambala yeniyeni, ndilemba, koma mudzalipira galimoto kawiri."

Simenti anaiwerenga mwa ntchito yake: ya konkire ya m'maziko, ya silabu, yomangira, ya lintala yozungulira pamwamba pa khoma, ya pulasitala ndi ya pansi. Zonse zinakwana matumba 110 a makilogalamu 50. Malata anakwana 26 a mafiti 12, mbali iliyonse 13. Kugawa simenti mwa ntchito yake kunaoneka ngati kutaya nthawi tsikulo, koma n'kumene kunatithandiza pambuyo pake titafuna kudziwa choti tichotse ndalama zitavuta.

Pamenepo m'pamene tinapita kukatenga makotesheni, mu Okutobala. Apa pakufunika kufatsa, chifukwa mapepala atatu okhala ndi zidindo zitatu sakhala akunena chinthu chimodzi nthawi zonse.

Pa simenti, shopu yoyamba inalemba K14,000 thumba, yachiwiri K12,500, yachitatu K13,200. Aliyense m'komiti analoza yachiwiri. Koma m'munsi mwa pepala lake munali timawu tating'ono toti mtengowo ulibe msonkho wa vati, umene panthawiyo unali 16.5 peresenti. Kuwonjezera msonkhowo, thumba linafika K14,560, kuposa la shopu yoyamba imene inali itaphatikiza kale. Yachitatu inali yotsikadi, koma inali kutali, cha ku Kanengo, ndipo sinkabweretsa katundu. Shopu yoyamba inali italemba kuti ogula matumba oposa 50 imawaperekera mpaka pamalo. Matumba 110 ndi matani asanu ndi theka, sungawanyamule pa kabaza. Titafunsa mtengo wa lole kuchokera ku Kanengo mpaka ku Chinsapo, kusiyana kwa K800 pa thumba kunatheratu. Imene inkaoneka yodula kuposa zonse ndi imene inali yotchipa.

Palinso nkhani ya mphamvu ya simenti. Pa thumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, ndipo ya 42.5 ndi yamphamvu komanso yodulirapo. Kotesheni yongoti simenti, osatchula dzina kapena nambalayi, siikuuza kanthu. Tinabwerera ku shopu ziwiri kuti alembe bwino. Mmisiri anati ya 32.5 ikwanira pomangira ndi pa pulasitala, ndipo chipinda chaching'ono ngati chathu, chopanda nsanja, sichifuna zoposa pamenepo ngati osakaniza sakuba simenti.

Pa malata zinali zoonekeratu. Shopu ina inalemba K22,000 lata limodzi, geji 28. Ina inalemba K15,500 osatchula geji. Nditafunsa, mnyamata wa pa kauntala anati, "Ndi abwino omwewo, achimwene, anthu akutenga kwambiri." Nditakakamira anatulutsa limodzi, linali geji 32. Pa malata nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala. La 32 umalipinda ndi zala, kapentala akaponda pakati pa matabwa limabonyoka, ndipo mphepo ya mvula yoyamba imaling'amba pa misomali. Pa nyumba yako ukhoza kusankha wekha. Pa denga limene pansi pake pakhale ana aang'ono makumi asanu, tinalemba la 28.

Kotesheni yoti uidalire imakhala ndi tsiku, dzina ndi malo a shopu, nambala ya msonkho ya shopuyo, mtundu weniweni wa katundu, mtengo wa chimodzi, mawu onena za vati ndi za thiransipoti, komanso masiku amene mtengowo ukhale ukugwira ntchito. Chomalizachi ndi chimene anthu ambiri sachiwerenga. Zathu zinalembedwa masiku 7, ina masiku 14. Bungwe lija linatiuza kuti komiti yawo imakumana kamodzi pa miyezi itatu. Ndiye kuti pofika tsiku loti awerenge pulopozo yathu, makotesheni onse akanakhala atatha kalekale. Tinalemba zimenezi poyera pa tsamba loyamba la bajeti: mitengo iyi ndi ya sabata yachiwiri ya Okutobala 2023, ndipo tidzatenga makotesheni atsopano sabata yogula.

Ndinene pang'ono za chinyengo chimene chafala, poti ena amachiyesa nzeru. Munthu amapita ku shopu imodzi n'kupempha mapepala atatu a mayina osiyana, awiri okwera dala kuti lachitatu lipambane. Amene amawerenga mapulopozo tsiku ndi tsiku amazindikira msanga. Kalembedwe kamakhala ka dzanja limodzi, katundu amasanjidwa mofanana, mawu olakwika amalakwika chimodzimodzi pa mapepala onse, nthawi zina ngakhale nambala ya foni imakhala imodzi. Ngakhale asakugwire, wadzimana wekha phindu lake, chifukwa ife tikanapanda kuyenda sitikanadziwa za vati ija, kapena za geji.

Zinthu zina zilibe kotesheni ya chidindo. Mchenga umagulidwa kwa eni matipa amene amaima m'mbali mwa msewu, kwale wina amaswa ndi manja amayi a ku Ngwenya, matabwa amagulidwa pa msika, monga ku Mchesi. Amenewa tinawalembetsa pa pepala wamba, wogulitsa n'kusayina, awiri a m'komiti n'kuikira umboni. Apa chosokoneza ndi mawu oti thiripi. Thiripi ya lole ya matani atatu ndi ya tipa yaikulu zonse amati thiripi, ndiye tinalemba kukula kwa galimoto. Mmisiri nayenso tinamulembetsa mtengo wa gawo lililonse la ntchito, osati wa pa tsiku, chifukwa wolipidwa pa tsiku sakhala ndi chifukwa chofulumirira. Tinaikamonso madzi. Ku Chinsapo ambiri timagula madzi pa kiyosiki, ndipo konkire ndi mabuloko zimafuna kuthiriridwa masiku angapo. Mzere wa madzi ndi umene umaiwalika m'mabajeti ambiri amene ndawaonapo, limodzi ndi ndalama imene amadula potapa pa foni.

Zonse pamodzi zinakwana K6,300,000. Zikuluzikulu zinali simenti K1,540,000, mabuloko K1,125,000, amisiri K1,100,000 ndi malata K572,000. Pamwamba pake tinaika 15 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, K945,000, ndipo bajeti yonse inafika K7,245,000. Ena anati 15 yachuluka, anthu adzati komiti ikufuna kudyapo. Tinaisiya, koma tinalemba lamulo pambali pake loti ndalamayi siituluka popanda msonkhano wa komiti yonse ndi chifukwa cholembedwa. Tinakumbutsananso kuti mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti pa tsiku limodzi, ndipo mitengo inatsatira.

Tsopano mbali ya kumanja, imene inabweretsa mkangano weniweni.

Ku akaunti kunali K1,150,000, ya pepa sande ndi ulendo wa ndawala umene achinyamata anakonza. Mabanja 240 a m'dera anagwirizana pa msonkhano wa amfumu kuti lililonse lisonkhe K5,000, imene ndi K1,200,000. Ana a m'dera amene ali ku Joni, pa gulu lawo la WhatsApp, analonjeza K1,800,000. Mkulu wina wa bizinesi analonjeza matumba 30 a simenti, amene pa mtengo wa nthawiyo anali K420,000. Wina amene ankafuna kudzaimira pa chisankho anaimirira pa msonkhano n'kulonjeza K500,000, anthu n'kuimba nthungululu. Bungwe lija linanena kuti likavomereza lidzapereka K2,500,000. Kuwonkhetsa zonse, K7,570,000. Ndalama zinaposa bajeti ndi K325,000, ndipo apampando anamwetulira n'kunena kuti yotsalayo tigulire mipando.

Msungichuma sanamwetulire. Anati, "Apampando, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Pa zonsezi, zimene ndingakuonetseni lero ndi wani miliyoni ndi kanthu. Zinazo tiyeni tizifunse chimodzichimodzi."

Tinazifunsadi, ndipo funso linali limodzi pa chilichonse: pali umboni wanji woti ndalamayi ibwera, ibwera liti, ndipo ikubwera ndi lamulo lanji?

Za mabanja zinali zosavuta kuyeza, chifukwa kope la msonkhemsonkhe wa kamlatho wa chaka chapitacho linalipo. Mabanja omwewo anavomera pa msonkhano, koma amene anapereka anali pafupifupi theka. Si kuti anthu ndi oipa mtima. Pa msonkhano, amfumu ali pompo, palibe amene angakweze dzanja kuti ine ndilibe. Komanso ku Chinsapo ambiri ndi a lendi, amene mwina ana awo sadzafika n'komwe m'chipindamo asanasamuke. Tinalemba K600,000. Za ku Joni tinaziona momwemo. Pa mndandanda panali mayina ambiri, koma amene anali atatumizapo kanthu m'mbuyomu, pa maliro kapena pa zina, anali owerengeka, ndipo malonjezo a odziwikawo anakwana K900,000. Mkulu wa simenti tinamupempha kalata ndi tsiku lokatenga. Analemba osavuta, ndiye tinawerenga zonse. Wa ndale uja tinamupempha kalata, anati tidzaonana. Tinamulemba pa tsamba la malonjezo kuti asakhumudwe, koma m'bajeti tinaika ziro. Sindikunena kuti a ndale sapereka. Amapereka pa nthawi yawo, pamaso pa anthu, ndipo nthawi yawoyo sungaidziwe pokonza ndondomeko ya ntchito.

Titatero, ndalama zodalirika zinatsika kufika K5,570,000, ndipo m'malo mwa zotsala za mipando panaoneka dzenje la K1,675,000. Apampando anadandaula kuti bungwe likaona kuperewera lidzatikana. Ine ndinaona mosiyana, ndipo mpaka lero ndimaona choncho. Owerenga mapulopozo aona mabajeti ambiri ofanana ndendende mbali zonse, mpaka tambala, ndipo amadziwa kuti nambala yomaliza inachita kusemedwa kuti ikwane. Bajeti yonena kuti tili ndi izi, tikuyembekeza izi pa zifukwa izi, zikusowa izi ndipo tizipeza mwakuti, imaonetsa kuti pali munthu amene anakhala pansi n'kuwerenga.

Koma chimene chinatitsegula maso kwambiri sichinali kukula kwa dzenjelo. Chinali malo amene dzenjelo linali. Kalata ya bungwe inali ndi mfundo ziwiri: ndalama yawo ndi ya denga ndi kumalizitsa basi, ndipo idzatuluka khoma likafika pa lintala, iwo atabwera kudzaona. Tinadula ntchito m'magawo atatu. Maziko ndi silabu, K1,750,000. Khoma mpaka lintala, limodzi ndi mafelemu a chitseko ndi mawindo, K2,400,000. Denga, pulasitala, pansi ndi laimu, K2,150,000. Gawo lachitatu, ngakhale titawonjezera 15 peresenti yake, linkakwanira mu K2,500,000 ya bungwe. Magawo awiri oyamba ndi 15 peresenti yawo ankafuna pafupifupi K4,770,000, pamene ife tinkadalira K3,070,000 yokha. Ndiye kuti kuperewera konse kunali kutsogolo, ndalama yaikulu isanafike, ndipo ndalama yaikuluyo siikanafika ngati sitinadutse pamenepo tokha. Mukawona makoma a matchalitchi ndi masukulu amene aima pa windo zaka zambiri, udzu utamera mkati, nthawi zambiri si kuti ndalama zinabedwa. Anthu anawonkhetsa zonse pamodzi osayang'ana kuti iti ibwera iti isanabwere.

Kadulidwe ka magawo sikangochitika mwachisawawa. Gawo liyenera kuthera pamalo poti ntchito ikhoza kuima miyezi ingapo osawonongeka. Silabu yothiridwa bwino imapirira dzinja lonse. Khoma lomangidwa lintala limagwirana. Koma ngalande za maziko zokumbidwa n'kusiyidwa zimadzaza madzi n'kugumuka, ndipo khoma lalitali lopanda lintala mphepo imatha kuligwetsa, makamaka mbali zosongoka zija. Matabwa a denga okhomedwa popanda malata amapindika ndi dzuwa ndi mvula. Tinapangana kuti gawo siliyamba pokhapokha ndalama zake zonse zili ku akaunti kapena katundu wake ali m'sitolo ya mpingo. Akauntiyo inali ndi osayinira atatu, awiri aliwonse n'kutulutsa ndalama, ndipo nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zolandirira zopereka zinali pa foni imodzi ya komiti, osati ya munthu.

Ntchito ya manja ya anthu a m'dera tinailembanso. Amayi analonjeza kutunga madzi, achinyamata kukumba maziko ndi kuthira dothi. Izi zili ndi mtengo, ndipo mabungwe amafuna kuona chimene eni dera aikapo. Koma zimalembedwa mbali zonse ziwiri, monga chofunika ndi monga chopereka, pa tsamba lakelake. Ukazilemba kumanja kokha, zimaoneka ngati ndalama yogulira simenti, pamene thukuta silingagule thumba ngakhale limodzi.

Kumapeto kwa Okutobala, K1,150,000 ija, matumba 30 aja ndi zoyamba kufika za mabanja zinakwanira gawo loyamba. Panali maganizo oti tigule simenti yambiri tisunge, poti aliyense ankamva mphekesera za kwacha ndipo madola ankasowa m'mabanki. Mmisiri anakana. Simenti imakoka chinyezi, ndipo ikakhala miyezi itatu, makamaka m'dzinja, imayamba kuchita mibulu ndi kutha mphamvu. Ukafinya m'bulu ndi zala n'kukana kuphwanyika, thumbalo lapita. Ena anati tilipire ku shopu katundu azikhala komweko. Msungichuma anakana, chifukwa lisiti silikutsimikizira kuti katundu adzakhalapo tsiku lomufuna, ndipo mitengo ikakwera wa shopu amayamba kukupatsa pang'onopang'ono. Tinagula matumba 20 owonjezera pa 30 aja, mabuloko a m'maziko, kwale ndi mchenga, ndipo silabu inathiridwa sabata yoyamba ya Novembala.

Pa 9 Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika K1,700, ndipo patangopita tsiku limodzi kapena awiri petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita. Sabata imeneyo mashopu ena a hadiweya sankafuna n'komwe kulemba kotesheni. Ankati bwerani ndi ndalama, mtengo tikuuzani pompo. Zinthu zitakhazikika pang'ono, shopu yathu ija inalemba simenti K19,000 ndi malata K31,000.

Tinakhala pansi n'kuwerenganso. Pa matumba 60 otsala, simenti yokha inawonjezera K300,000. Malata anawonjezera K234,000. Gawo lachitatu, limene linali ndi matumba 29 ndi malata onse, linachoka pa K2,150,000 kufika pa K2,529,000 tisanawerenge misomali, matabwa ndi laimu. Ndalama ya bungwe, imene mwezi umodzi m'mbuyomo inali ndi malo opumira, tsopano inali yosakwana. Apa ndi pamene ndinamvetsa malire a 15 peresenti ija. Imathandiza mabuloko akasweka, mwala ukapezeka m'maziko, kapena thumba likakwera ndi K500. Siingameze kutsika kwa ndalama ya dziko. Zikafika pamenepo, bajeti imalembedwanso, ndi tsiku latsopano, yakale n'kusungidwa kuti aliyense aone pamene zasinthira.

Mbali ya malonjezo inationetsa chinthu chimene sitinachiganizire polemba. Matumba 30 a mkulu uja tinawalemba K420,000, koma akanabwera pambuyo pa 9 Novembala akanakhala a K570,000, ndipo akanakhalabe matumba 30. Lonjezo la katundu silitha mphamvu. K5,000 ya banja inali yogula gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba ndi kuposerapo pang'ono, tsopano inali yogula kota. A ku Joni analonjeza m'makwacha, pamene iwo amalandira marandi, ndiye kutsika kwa kwacha kunawapeputsira lonjezo lawo. Tinawalembera mwaulemu kuwapempha kuti aliyense atumize marandi omwewo amene akanatumiza mu Okutobala. Ambiri mwa odalirika aja anavomera, ndipo m'malo mwa K900,000 tinalandira pafupifupi K1,250,000. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kulonjeza tinkamupatsa mndandanda wa katundu: achimwene, mutenga mabuloko angati, mayi, mutenga felemu la windo kapena matumba awiri? Anthu amakonda kuloza chinthu n'kunena kuti icho ndinagula ndine, ndipo ife tinkasiya kusenza tokha kukwera kwa mitengo. Chimafunika ndi kulemba mtundu wake, apo ayi wina akubweretsera malata atatu a geji 32 a mafiti 10 ndi mtima wabwino, iwe n'kusowa powaika.

Za mabanja zinayenda pang'onopang'ono kuposa mmene tinaganizira. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi ndi chimanga chodula, ndipo dzinja la chaka chimenecho mvula inadula m'madera ambiri, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Sukanagogoda pa khomo la munthu kufuna K5,000 ya chitukuko iye akugula ufa wa pa mbale. Tinasiya kutolera mpaka Epulo. Zonse zimene mabanja anapereka zinakwana K540,000, pafupi ndi K600,000 imene tinalemba, kutali ndi K1,200,000 ya pa msonkhano. Wa ndale uja anabwera tsiku lina ndi mipira iwiri ya ana.

Bungwe tinalilembera bajeti yachiwiri mu Disembala, yokhala ndi mizere itatu pa chinthu chilichonse: mtengo wa Okutobala, mtengo watsopano, ndi kusiyana kwake, makotesheni atsopano titamata kumbuyo. Anayankha kuti K2,500,000 singakwere, chifukwa nawonso anali atagawa kale ndalama zawo za chaka, koma anatilola kusintha zimene zili m'gawo lachitatu. Kope la mmisiri lija linagwira ntchito apa. Pulasitala wa kunja anali matumba 10 ndi gawo la malipiro a mmisiri, ndipo khoma la mabuloko likhoza kukhala lopanda pulasitala kunja ngati mizere yake yatsekedwa bwino ndipo denga latuluka mokwanira. Tinamuchotsa. Wina anati titsike pa geji ya malata, komiti inakana. Wina anati tichepetse simenti posakaniza, mmisiri anati akatero tipeze wina womanga.

Khoma linayamba mu Meyi 2024, pepa sande yachiwiri itachitika ndipo mabuloko olonjezedwa atafika, ndipo linafika pa lintala mu Juni. A bungwe anabwera, anajambula, ndalama inalowa patapita masabata atatu. M'masabata atatu amenewo malata anakweranso ndi K1,500 limodzi, imene pa malata 26 ndi K39,000, ndipo inatuluka m'ndalama ya zogwa mwadzidzidzi komiti yonse itasayina. Ana analowa m'chipindamo teremu ya Seputembala. Pulasitala wa kunja tinamusamutsira ku bajeti ya chimbudzi, imene tikulemba panopa, ndipo pa fomu ya malonjezo ya ulendo uno pali malo atatu oti wolonjeza adzaze yekha: chimene apereke, kuchuluka kwake, ndi tsiku loti tikatenge.